Mawu Oika Pansi pa Chithunzi cha ku Bwalo la Ndege Mlongo Wanu Akafika

"Achimwene anga aakulu anachoka mu Ogasiti 2018 ndipo akufika Loweruka likubwerali, mu Malichi 2026. Tikawachingamira ku bwalo la ndege ine, amayi ndi mwana wanga wa zaka 5 amene sanawaonepo. Ndikufuna kuika chithunzi pa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, koma chilichonse chimene ndikulemba chikumveka ngati cha wina aliyense. Ndilembe bwanji?"

Achemwali, mawuwo akumveka ngati a wina aliyense chifukwa mukuwalemba zinthu zisanachitike. Munthu akamalemba za tsiku limene silinafike amangotola mawu amene ali kale pakamwa pa aliyense, monga chimwemwe chosaneneka, misozi ya chisangalalo, mtima wadzaza. Mawu amenewa si abodza, koma chithunzi chanu chidzakhala chitawanena kale. Aliyense woona anthu awiri atakumbatirana, wina nkhope itabisika paphewa la mnzake, sutikesi itasiyidwa pambali, amadziwa yekha kuti pali chimwemwe. Mukachilembanso pansi pake ndiye kuti mwanena chinthu chimodzi kawiri, ndipo wowerenga amangodutsa.

Mawu a pansi pa chithunzi ntchito yake ndi kunyamula zimene kamera singathe kujambula. Kamera sionetsa kuti papita nthawi yaitali bwanji, sionetsa kuti bambo wa jeketeyo ndi ndani kwa inu, ndipo simva zimene zinanenedwa pa khomo paja. Ziwiri zoyambazo mukhoza kuzikonza lero. Chachitatucho chisiyireni malo, mudzachitola Loweruka ndi maso ndi makutu anu.

Tiyambe ndi nthawi, chifukwa ndi imene imagwira owerenga. Kuchokera Ogasiti 2018 kufika Ogasiti 2025 ndi zaka 7, ndipo kuchokera pamenepo kufika Malichi 2026 ndi miyezi ina 7. Choncho nambala yanu ndi zaka 7 ndi miyezi 7. Musaikweze kuti zaka 8, ndipo musalembe kuti zaka zambirimbiri. Nambala yeniyeni imaonetsa kuti panali wina amene ankawerenga, ndipo chikondi chimene mukufuna kunenacho chimaonekera pamenepo popanda inu kuchitchula. Ena amakonda kuwerenga masiku, kuti masiku zikwi zakutizakuti. Ine sindikulangizani zimenezo pokhapokha ngati tsiku lonyamukira mukulidziwa ndithu, chifukwa pa zaka zimenezi pali 2020 ndi 2024 zimene Febuluwale wake anali ndi masiku 29, ndipo wochulukitsa 365 ndi zaka amaphonya ndi masiku awiri. Komanso nambala ya masiku imafuna kuti wowerenga ayime ayambe kugawa, pomwe zaka ndi miyezi zimalowa m'mutu nthawi yomweyo.

Onetsetsaninso kuti nambalayo ikuwerenga chiyani. Ngati achimwene anabwerapo kudzacheza pakati apa, kapena mmodzi wa inu anapitako, mawu akuti "sitinaonane zaka 7" akhala onama, ndipo padzapezeka msuweni wokonza nkhani m'makomenti. Pamenepo lembani kuti akhala kunja zaka 7, kapena werengani kuchokera tsiku limene munaonana komaliza. Ngati sanabwereko n'komwe, nambala yanu ili bwino momwemo.

Nambalayi ikhale pa mzere woyamba, ndipo chifukwa chake n'cha mmene mafoni amaonetsera zinthu. Instagram imalola zilembo 2,200, koma munthu akamadutsa amangoona zilembo pafupifupi 125 zoyamba, zotsalazo zimabisika kuseri kwa kamawu kakuti "more". Facebook nayo imadula mawu aatali n'kuika "See more". Mawu a Chichewa ndi aatali, moti zilembo 125 zimangokwana mawu 15 kapena kupitirirako pang'ono. Mukayamba ndi kuthokoza kwa mizere itatu, wowerenga sadzafika pamene pali nkhani. Taonani mzere uwu: "Zaka 7 ndi miyezi 7. Lero achimwene atulukira pa khomo lija." Uli ndi zilembo 60, kuwerengera ndi mipata yomwe. Wanena nthawi, wanena ubale, waika munthu pamalo, ndipo malo atsalabe oti chiganizo chachiwiri chiyambe kuoneka.

Mawu akuti "lija" ali ndi ntchito yaikulu pamenepa. Aliyense amene anachingamirapo munthu ku bwalo la ndege amalidziwa khomo limenelo, lija limatseguka n'kutulutsa anthu achilendo, n'kutsekekanso, inu mtima uli m'mwamba nthawi iliyonse likamatseguka. Simufunika kulifotokoza. "Lija" amaitana wowerenga kuti akumbukire lake.

Samalani ndi mneni amene musankhe, pakuti apa ndi pamene ambiri amalonjeza zinthu zimene mwini wake sananene. "Afika" amangonena kuti ulendo watha bwino. "Abwera" amanena kuti ali nafe. Koma "abwerera" kapena "abweratu" amauza dziko lonse kuti sapitanso, ndipo ngati achimwene ali ndi tikiti yobwerera pakatha mwezi, adzakhala ndi ntchito yofotokozera aliyense wokumana naye. Afunseni funso limodzi lokha ndege isananyamuke, loti kodi tinene kuti mwabwera kudzacheza kapena mwabwereratu. Ngati iwonso sanatsimikize, "afika" sadzakuchititsani manyazi. Liwu lakuti mtchona lisiyeni, ngakhale mumaseka nalo m'nyumba. Pakati pa inu awiri ndi nthabwala, koma pagulu limamveka ngati chidzudzulo choti munthu anaiwala kwawo, ndipo anthu a m'makomenti amalitola n'kulikokera kumene inu simunafune.

Chimodzimodzi miyambi. Wakuti "kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka" umabwera msanga pakamwa, koma mvetserani zimene ukunena, kuti kunja kwamukanika munthu. Kwa amene wabwerera chifukwa ntchito yatha kapena zinthu sizinayende, mwambi umenewu umabaya. Wakuti "chibale ndi fupa, sichiola" ulibe minga yotere, koma umakoma kwambiri ngati panali kusiyana maganizo kumene kwatha, ndiye owerenga ena adzafunsa kuti kodi munayambana. Ngati simukufuna funso limenelo, usiyeni. Pa chithunzi cha mtundu uwu chinthu chimodzi chimene munachiona ndi maso chimaposa mwambi uliwonse.

Sankhaninso amene mukulankhula naye, ndipo musasinthe pakati. Mukhoza kulankhula ndi owerenga za achimwene, "afika, akalambako pang'ono", kapena kulankhula ndi achimwene enieniwo anthu akumvera, "mwafika, mwatipeza". Njira yachiwiriyi imamveka yapafupi ndipo imakoma pothera. Chimene chimasokoneza ndi kuyamba ndi "iwo", pakati n'kulowa "inu", kenako n'kubwerera kwa "iwo". Ngati mukufuna zonse ziwiri, nkhani yonse ikhale ya "iwo", ndipo mzere womaliza wokha, woima pawokha, ukhale wa "inu". Popeza ndi aakulu kwa inu, ulemu usagwe pakati. Mukayamba ndi "achimwene afika" musadzalembe "wanenepa" pa mzere wachitatu. Akanakhala wamng'ono kwa inu, amene mumamutchula kuti iwe, bwenzi "wafika" ali bwino kuyambira pamwamba mpaka pansi. Lembani mmene mumaitanirana kunyumba, chifukwa abale amazindikira msanga liwu lobwereka.

Tsopano za Loweruka lenilenilo. Ndege ikatera munthu satuluka nthawi yomweyo. Ayenera kudutsa podinda mapasipoti, kudikira katundu pa lamba, kenako kudutsa kwa oona za katundu wolowa m'dziko. Zimenezi zimatha kutenga theka la ola, ndipo ndege zingapo zikatera pamodzi kapena chikwama chikasowa zimapitirira ola. Nthawi yodikirayi musaione ngati yotayika, chifukwa theka la nkhani yanu lili momwemo. Onani zimene amayi akuchita ndi manja awo. Mverani zimene mwana akufunsa. Onani kuti ndi kangati mwadzidzimuka ndi munthu wolakwika. Lembani timawu tiwiri titatu m'foni pomwepo, chifukwa pofika madzulo zonse zidzakhala zitasungunuka n'kusanduka "zinali bwino kwambiri", ndipo mawu enieni amene munthu ananena sabweranso.

Foni yojambulira isakhale m'manja mwanu. Inu ndinu mbali ya chithunzicho, ndipo wojambula sakumbatira. Pezani munthu wachinayi, muuzeni aime chapambali osati kumbuyo kwanu, kuti nkhope zonse ziwiri zioneke. Ajambule vidiyo kuyambira pamene achimwene aonekera, kapena ajambule zithunzi zambiri motsatizana, chifukwa mphindi yabwino imakhala yaifupi kwambiri. Kawirikawiri chithunzi chokoma si cha kukumbatirana kwenikweniko, pamene nkhope zabisika, koma cha kanthawi kakang'ono kusanachitike, maso atangokumana, kangolo ka katundu katasiyidwa, manja atatambasuka. Ngati kumbuyo kwa anthu kuli magalasi aakulu olowetsa dzuwa, nkhope zidzada bii. Wojambula asunthe kuti kuwalako kukhale kumbuyo kwake, kapena akhudze nkhope pa sikirini kuti foni iwalitse pamenepo. Ajambule foni itaima chilili, chifukwa chithunzi chotero chimakwana bwino pa WhatsApp ndipo chimadulika mosavuta pa Instagram. Akumbukirenso kuti m'mabwalo a ndege ambiri saloleza kujambula malo odindira mapasipoti ndi ofufuzira katundu, ndiye kamera iloze kwa anthu anu osati m'kati mwa khomo.

Tiyeni tiyese ndi chitsanzo. Tinene kuti Loweruka zachitika motere. Mwadikira mphindi 50. Amayi akana kukhala pansi nthawi yonseyo. Achimwene atuluka ali ndi imvi m'ndevu zimene pa vidiyo sizinkaoneka. Mwana wanu, amene amawadziwira pa foni pokha, wabisala kumbuyo kwa siketi yanu n'kufunsa kuti, "Amalume atuluka bwanji m'foni?" Munthu wolemba mothamanga angalembe chonchi:

"Ndikuthokoza kwambiri chifukwa cha tsiku lalikulu limeneli limene takhala tikuliyembekezera kwa nthawi yaitali. Mawu sangathe kufotokoza chimwemwe chimene chili mumtima mwanga. Banja lathu lakwaniranso. Takulandirani achimwene okondedwa, tinakusowani kwambiri."

Palibe cholakwika m'mawu amenewa, koma chiganizo choyamba chokha chadya pafupifupi malo onse ooneka, ndipo wowerenga sanadziwebe kuti wafika ndani, wachokera ku ulendo wautali bwanji. Chiganizo chachiwiri chikuvomera chokha kuti chalephera ntchito. Mukachotsa liwu lakuti achimwene, mawu onsewa akhoza kukhala pansi pa chithunzi cha ukwati kapena cha kubadwa kwa mwana. Imeneyo ndiyo njira yoyesera. Phimbani chithunzi ndi dzanja, werengani mawu okha, ndipo dzifunseni ngati angakwane pa chithunzi cha banja lina. Ngati angakwane, sanakhale anu.

Tsopano taonani zomwezo zitalembedwa kuchokera ku zimene zinaoneka:

"Zaka 7 ndi miyezi 7. Lero achimwene atulukira pa khomo lija.

Amayi anakana mpando kwa mphindi 50, akuti angawaphonye. Mwana wanga, amene anabadwa iwo atapita kale, wandinong'oneza kuti, 'Amalume atuluka bwanji m'foni?'

Takulandirani, achimwene. Imvi zija tikambirana kunyumba."

Mulibe liwu lakuti chimwemwe, mulibe lakuti misozi, koma wowerenga azimva zonse ziwiri. Amayi oima mphindi 50 anena za kudikira kwa zaka zonse zija. Funso la mwana laonetsa kutalika kwa nthawi kuposa nambala, chifukwa munthu wathunthu wabadwa n'kuyamba kulankhula iwo kulibe. Mzere womaliza watembenukira kwa mwini wake, ndipo kanthabwala ka imvi kamasula pakhosi pamene panayamba kumangika. Kanthabwala kotere kakhale kamene achimwene angaseke nako pagulu. Za imvi ambiri amaseka. Za kunenepa, kuonda, kusintha kalankhulidwe kapena kusakwatira, zisiyeni, chifukwa mwatsegulira khomo anthu amene sadziwa polekezera.

Onani kuti ndatenga zinthu ziwiri zokha za pa bwalo la ndege. Mudzakhala nazo zisanu kapena kuposa, ndipo mtima udzafuna kuziika zonse. Chachitatu chikalowa, ziwiri zoyambazo zimachepa mphamvu. Sankhani chimodzi cha kudikira ndi chimodzi cha kukumana. Ngati mukufuna kuthokoza Mulungu kapena anthu amene anathandiza pa ulendowu, ikani mzere umodzi waufupi kutsogolo kwa "takulandirani", osati pamwamba. Timaemoji tiwiri tikukwana, ndipo tikhale kumapeto kwa mzere, tisalowe m'malo mwa mawu.

Pali zina zimene siziyenera kulowa ngakhale zitakoma bwanji. Chifukwa chimene abwerera ndi nkhani yawo. Kaya amaliza maphunziro, kaya ntchito yatha, kaya mapepala avuta, kaya banja lasokonekera kapena thupi silili bwino, wonena ndi iwo. Ngakhale nkhani yabwino ngati digiri, afunseni kaye, mwina akufuna kulengeza okha. Musalembe kuchuluka kwa masutikesi kapena zimene akubweretserani, musatchule kumene akugona, ndipo musalembe tsiku lobwerera. Munthu wochokera kunja anthu amamuganizira kuti wanyamula zambiri, ndipo mawu anu akhoza kumuitanira opempha ndi akuba tsiku limodzi.

Chithunzicho muchikulitse ndi zala musanachitumize, muone m'manja mwa achimwene ndi pa zikwama. Anthu ambiri amatuluka atagwira pasipoti, chiphaso chokwerera ndege chili m'kati mwake chikusuzumira. Pa chiphasocho pali dzina lonse, ndipo timizere kapena timadontho takuda tija timasunga nambala ya ulendo ya zilembo 6. Munthu wokhala ndi nambala imeneyo pamodzi ndi dzina la bambo akhoza, ku makampani ambiri a ndege, kutsegula ulendowo pa intaneti, kuona tsiku lobwerera, mwinanso kusintha zina. Kapepala komata pa chogwirira sutikesi nakonso kali ndi dzina ndi nambala ya katundu, ndipo ena amamangirira kachikwangwani kolembapo foni ndi adiresi. Dulani chithunzi kuti zimenezi zituluke, kapena zipakeni mpaka zisaoneke n'komwe. Kuziziralitsa pang'ono sikukwana. Ngati kumbuyo kwaoneka bwino nkhope ya mwana wa eni ake, mudulenso.

Musatumize muli pa bwalo la ndege. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, koma pali zifukwa ziwiri zodikirira. Choyamba, pali anthu amene sayenera kumva za kufika kwa achimwene kudzera pa Facebook, monga agogo, azakhali, kapena mnzawo wa pamtima amene akufuna kumudzidzimutsa. Munthu wamkulu akamva kwa woyandikana naye nyumba kuti mwana wafika, chilonda chake chimachedwa kupola. Chachiwiri, munthu amene wakhala m'ndege usiku wonse sangaweruze bwino chithunzi chake, ndipo foni yake ikayamba kulira asanasambe n'komwe mwamulanda tsiku loyamba. Dikirani madzulo kapena m'mawa mwake, muwaonetse chithunzi ndi mawu omwe, muwafunse ngati akufuna kuti dzina lawo mulilumikize. Kulumikiza dzina kumatengera chithunzicho kwa anzawo onse, kuphatikizapo a kuntchito kumene achokera, ndipo mwina kumeneko sananene kuti achoka. Mukatumiza m'mawa mwake, sinthani "lero" akhale "dzulo". Kaliwu kameneka ambiri amakaiwala.

Malo atatu mwatchulawo safuna mawu ofanana. Pa Facebook ndi Instagram ikani zonse monga zilili pamwambapa, ndipo mukapeza cholakwika mukhoza kukonza pambuyo pake. Pa "Status" ya WhatsApp mawu amakhala pamwamba pa chithunzi chenichenicho, munthu amangoona kwa masekondi ochepa, ndipo zonse zimafufutika pakatha maola 24. Pamenepo mzere woyamba wokha ukukwana, kapenanso kuufupikitsa kuti "Zaka 7 ndi miyezi 7. Afika." Werengani kawiri musanatumize, chifukwa pa "Status" simungakonze chilembo, mumayenera kufufuta n'kuikanso, ndipo amene anaona kale aona. Ngati funso la mwana lija mukulifuna pa WhatsApp, liikeni pa chithunzi chachiwiri, cha mwanayo ali kumbuyo kwa siketi, likhale lokha.

Mwina Loweruka silidzafanana ndi zimene mukuganiza. Zimachitika kuti munthu amatuluka atatopa, chikwama chimodzi chatsalira, nkhope ili gwa, ndipo kukumbatirana kumakhala kwa mphindi yochepa ngati kwa alendo. Pakati pa anthu amene sanaonane zaka 7 manyazi otere si achilendo. Musalembe za misozi imene sinagwe, chifukwa amene analipo adzawerenga. Tolani chimene chinalipodi. Mwina ndi amayi atagwira mkono wa jekete osausiya mpaka pa galimoto, mwina ndi achimwene atagona m'njira mutu uli pa windo musanatuluke n'komwe pa geti. Zikatero mzere wapakati ukhoza kukhala wakuti, "Sitinalankhule zambiri. Amayi anangogwira mkono wa jekete yawo mpaka pa galimoto." Mzere woyamba ndi womaliza zikhale momwe zilili, ndipo ngati chikwama sichinapezeke, za imvi zija mudikire nazo mpaka chitafika.